Mchere Umene Ndinakana Kuthira

Amuna anga ankagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye ku Balaka, yogulitsa nsalu. Ntchito yake inali yoimirira. M'sitolomo munali mpando umodzi wokha, ndipo unali wa mwini sitolo. Amuna anga ankayeza mayadi, kudula, kupinda, kukwera pamakwerero kukatsitsa mpukutu umene mayi wina wauloza, mayiyo n'kuugwiragwira n'kuchoka osagula. Dzuwa likapendeka ankapalasa njinga kubwerera kwathu m'mbali mwa Rivirivi, kumene ankakhala chikamwini m'mudzi wa amayi anga. Kwawo kunali kutali, kupitirira Ntaja, chakufupi ndi Nselema.

Akafika ankakhala pakhonde n'kuvula nsapato, ndipo masokosi ankasiya mzere pamwamba pa akakolo. Sitinkaona chachilendo. Inenso miyendo yotupa ndinkaidziwa. Zaka zimenezo amayi tinkatengedwa ndi achipani kukakonzekera magule mtsogoleri wa dziko akamabwera m'chigawo chathu. Ankatikweza palole, tinkagona m'makalasi masiku angapo, ndipo tsiku lenilenilo tinkaima padzuwa kuyambira m'mawa kudikira munthu wofika madzulo. Panalibe mwamuna woletsa mkazi wake kupita, pokhapokha ngati watopa ndi kugona m'nyumba mwake. Ndinkabwerako akakolo ali ndiii, patapata atandidinda kuphazi. Koma ndikagona miyendo nditaisanjika pamtolo wa zovala, m'mawa inkakhala itaphwa. Amuna anganso chimodzimodzi. Tinkasekana kuti iwo akutupira mmwenye, ine ndikutupira boma.

Sindingathe kunena tsiku limene kutupa kwawo kunasiya kuphwa. Ndimangokumbukira kuti m'mawa wina ndinawaona akulimbana ndi nsapato, akuikoka ndi zala ziwiri uku akutukwana amene anaisoka. Patapita masabata angapo anasiya nsapato n'kugula nkhwaira. Kenako anayamba kutsika njinga pachitunda chimene kale ankakwera akuimba mluzu. Pogona ankapempha kuti ndiwaunjikire zovala kumsana, ati akagona chagada mpweya ukuwathawa, ndipo ankatsokomola chifuwa chouma chosatulutsa kanthu.

Ndinawauza kuti tipite kuchipatala. Anati ndi kuimirira. Ndinawauzanso. Anati mmwenye sapereka tchuthi kwa munthu woyenda yekha. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa choncho, ndiye tsiku lina ndinangotenga njinga ija n'kukaibisa m'nyumba ya amayi anga. Ndinati, "Lero mukapita ku Balaka mupita wapansi, tione ngati mukafike." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kumene ndinaika malaya awo oyera.

Kuchipatala cha mishoni tinapeza adokotala achikulire, olankhula pang'onopang'ono. Anadina chala chachikulu pamsongolo wa amuna anga n'kudikira pang'ono. Atachotsa chala, panatsala kadzenje kosabwerera msanga, ngati wadina phala lozizira. Anadinanso mwendo winawo, chimodzimodzi. Anawakhazika chotsamira n'kuyang'ana mitsempha ya m'khosi, imene inali itatukuka. Anamvetsera pachifuwa ndi kumsana, anamanga mkono kuyeza kuthamanga kwa magazi, n'kupukusa mutu. Anafunsa ngati nkhope imatupa m'mawa, makamaka m'zikope, ndiponso ngati mkodzo umachita thovu. Amuna anga anati iyayi. Komabe anatenga mkodzo kukauyeza, ati impso zikamataya zimene siziyenera kutaya, munthu amatupanso.

Atabwerako anati, "Impso zikuoneka kuti zilibe mlandu waukulu. Vuto ndi mtima. Magazi akhala akuthamanga kwambiri zaka zambiri, ndiye mtima watopa, sukupopa mokwanira. Madzi akutsalira m'thupi. Masana mukaimirira amatsikira kumiyendo. Mukagona amabwerera kuchifuwa, n'chifukwa chake mukubanika."

Anapereka mapiritsi okodzetsa kuti madzi achoke, ndi ena ang'onoang'ono othandiza mtima. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Amayi, ophika ndinu. Mchere umasunga madzi m'thupi. Ndiwo za bambowa muziphika padera, musamathiremo mchere. Nsomba zamchere iyayi, soda wa m'therere iyayi. Mapiritsiwa akutunga madzi, inu mukamathira mchere ndiye kuti mukuwabwezeramo. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Ndinamvadi, koma sindinaganize n'komwe kuti mawu amenewa adzamveka bwanji kumudzi.

Ndinagula kamphika kena kakang'ono. Ndiwo zathu ndi ana ndinkathira mchere monga mwa masiku onse, zawo ndinkapatula ndisanathire, n'kuwonjezera tomato ndi anyezi kuti zimveke kanthu. Ankadandaula kuti ndikuwadyetsa udzu. Koma pasanathe mwezi akakolo anayamba kuoneka mafupa ake, ndipo anayamba kugona ndi pilo mmodzi. Mmwenye, poopa kutaya munthu wodziwa kudula nsalu mosakhotetsa, anawapatsa kabokosi kokhalira makasitomala akachepa.

Mbiri yakuti akudwala inafika kwawo mochedwa, monga zinkachitikira masiku amenewo. Pamene azilamu anga awiri ankatsika basi ku Balaka ndi nkhuku m'manja, wodwalayo anali atayamba kale kupeza bwino. Wamkulu anali mayi wamtali, wosaseka wamba, amene analera amuna anga makolo awo atamwalira. Wamng'ono ankangovomereza zonena za mkulu wake. Ndinawalandira bwino. Ndinapha nkhuku yathu, osati yawo.

Wamkuluyo anabwera kukhitchini kudzandithandiza. Anandiona ndikupatula nyama m'kamphika kakang'ono, kenako ndikuthira mchere mumphika waukulu. Anafunsa kuti kakang'onoko n'ka yani. Ndinati n'ka achimwene awo. Anafunsa kuti nanga njete, ndiwo mchere m'Chiyao. Ndinafotokoza zonse zimene adokotala ananena. Mlamuyo anangopukuta manja pansalu n'kutuluka, ndipo ndinamva akunong'onezana ndi mng'ono wake kuseri kwa nkhokwe.

Amene anakulira m'tauni mwina sangamvetse, ndiye ndifotokoze. Kwathu mchere si chinthu chongothira. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana kuti athire. Ndipo mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina, akabwera n'kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amati amudula. Achewa amati tsempho kapena mdulo, kwawo kwa amuna anga amati ndaka. Chizindikiro chake chimene aliyense ankachidziwa ndi chimodzi: munthu amatupa miyendo, amatsokomola, chifuwa chimamuthina. Tsono taganizani zimene azilamu anga anaona. Mlongo wawo watupa miyendo ndipo akutsokomola. Mkazi wake amagona kunja masiku angapo, kumagule, pakati pa amuna achipani. Ndiye mkazi yemweyo wasiya kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake yekha, osati sabata imodzi, koma mwezi wathunthu. Kwa iwo panalibenso chofunsa, ndinali nditaulula ndekha ndi kamphika kanga.

Sanandinene pamaso. Anabwerera kwawo, ndipo patapita masiku anabweranso ndi amjomba awo, ndiwo amalume a amuna anga, amenenso anali ankhoswe a ukwati wathu. Anaitanitsa ankhoswe a mbali yanga, amalume anga. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ana tinawathamangitsira kwa anansi.

Amjomba aja anali munthu waulemu, sindingawanamizire. Anazungulira nkhani nthawi yaitali, za mvula, za ulendo, za mmene chibale chilili fupa losaola. Kenako anati, "Ife sitikunena kuti mayiwa alakwa. Tikungofuna mitima ikhale pansi. Aphike ndiwo lero, athire mchere ndi dzanja lawo ife tikuona, mwana wathu adye. Apitirize choncho masiku amene tikhale pano. Akapanda kutupa, tipepesa ndi nkhuku, nkhani yatha."

Amalume anga anagwedeza mutu, anaona ngati ndi chiweruzo chabwino. Amayi anga anandikodola ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Tangothira, mwanawe. Ukuopa chiyani ngati uli bwinobwino?"

Ndinaona msampha wonse pamene unatcheredwa, ngakhale otcherawo sankadziwa kuti atchera. Ndikakana kuthira, ndiye kuti ndikudziwa chimene ndinachita. Ndikathira tsiku ndi tsiku, madzi abwerera, miyendo itupa, ndipo adzati taonani, tagwira mfiti dzuwa likuswa mtengo. Njira zonse ziwiri dzina langa linali lakufa. Kusiyana kwake kunali kwakuti njira imodzi inkawabwezera amuna anga kubanika kuja, kokhala tsonga kufunafuna mpweya.

Ndinati, "Amjomba, pepani, sindithira."

Mlamu wamkulu anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva nokha."

Apo mtima unandipsa, ndipo ndinalankhula zambiri zimene mkazi salankhula pamaso pa ankhoswe. Ndinati kumagule sindinkapita mwa kufuna kwanga, afunse akazi a kwawo ngati amakana. Ndinati tiyeni tonse tikwere basi tikamve kwa adokotala. Mlamuyo anati, "Achipatala adziwa chiyani za ndaka? Matenda a kumudzi ndi a kumudzi. Inu munapeza pobisalira, basi." Ndinati ngati ndikanafuna kuwapha achimwene awo, ndikanangosiya njinga panja tsiku lija. Palibe amene anamvetsa za njingazo, ndipo zinangooneka ngati ndabalalika.

Ndiye ndinatembenukira kwa amuna anga. Anali atakhala pakampando, miyendo ataisanjika pamtondo wogonekedwa, monga anawauzira kuchipatala. Anali m'chipinda muja pamene adokotala ankalankhula. Anamva ndi makutu awo. Anaona ndi maso awo miyendo ikuphwa. Ndinati, "Bambo a ana, tanenani inu. Auzeni zimene anatiuza."

Anayang'ana pansi. Anatola kamtengo n'kumakanda nako dothi. Patapita nthawi anati, "Akuluakulu alankhula."

Ndakhala ndi moyo zaka zambiri, ndaika m'manda makolo ndi mwana, koma mawu awiri amenewo amandiwawabe pamalo pake pawokha.

Ankhoswe anagamula kuti wodwala apite kwawo akalandire mankhwala a ndaka, ndipo za ukwati zidzakambidwa akachira. Ndinawalongedzera zovala. Mapiritsi otsala ndinawamanga pakansalu n'kuwaika m'thumba la malaya, ndipo ndinawauza kuti akatsala pang'ono kutha akafunefune chipatala cha kufupi. Anati chabwino, osandiyang'ana. Mlamu wamkulu anakana ngakhale chinangwa chimene ndinawaphikira cha paulendo.

Miyezi imene inatsatira sindiikonda kuikumbukira. Kuchitsime amayi ankasiya nkhani ndikafika. Pamaliro ena m'mudzi mwathu momwe, nditagwira chipande kuti ndithandize kuphika, mayi wina anandilanda mwaulemu n'kunena kuti ndikatunge madzi. Amayi anga ondibereka sanandifunsenso kanthu, koma ndinaona kuti ndikaphika, amaitana mdzukulu wawo kuti ndiye athire mchere. Ndinawasiya. Ndinalima ndekha munda wathu wa thonje, ndipo achipani atabweranso ndi lole yawo ndinakwera, ndinavina, ndinaimba nyimbo zoyamika, chifukwa kukana kunalibe.

Uthenga wochokera ku Nselema sunkabwera. Ndinamva kwa wogulitsa nsomba wina wa ku Chiuta kuti amuna anga anawatema mphini m'miyendo ndipo akumwa mankhwala a m'mphika, ena osakaniza ndi mchere, poti mchere ndi umene unawadula ndiye mchere womwewo uwabweze. Ndinamufunsa za mapiritsi. Anati sakudziwa, koma anawaona atakhala pakhonde, ndipo sanadzuke pomupatsa moni.

Amuna anga anabwera okha, masana ena dzuwa lili pamutu, nthawi yokolola. Mwana wathu wamkulu ndiye anathamanga kudzandiitana kumunda, ati abambo ali pamsewu, akulephera kuyenda. Ndinawapeza atatsamira mtengo pamene lole ya fodya inawatsitsa. Sindinawazindikire msanga. Kutupa kunali kutakwera kupitirira mawondo mpaka m'ntchafu, mimba ili tuu, ndipo anali atavala nsalu chifukwa buluku silinkalowa. Khungu la m'misongolo linali lonyezimira, ndipo m'mabala a mphini munkatuluka madzi. Milomo inali itada. Ankalankhula mawu awiri n'kupuma, awiri n'kupuma.

Anati, "Ndathawa. Anapita kumunda onse."

Sindinawalowetse n'komwe m'nyumba. Ndinabwereka ngolo kwa anansi, tinawakhazika chotsamira matumba, ulendo wa kuchipatala. Adokotala aja atawaona sanakalipe. Anangofunsa kuti mapiritsi anasiya liti, ndiponso akhala akudya chiyani. Anawagoneka pabedi lokwezedwa kumutu, n'kuwabaya jakisoni wochotsa madzi, natsuka mabala aja. Kwa ine anati nditchere khutu: mtima wafooka kuposa poyamba, madzi achoka koma mtimawo sudzabwerera mwakale, ndipo zoimirira m'sitolo zatha.

Ndinagona pansi pa bedi lawo masabata angapo, monga amachitira odikirira odwala. Ndinkaphika kukhitchini ya odikirira, ndi kamphika kanga padera, ndipo kumeneko panalibe wondiyang'ana modabwa, poti tinalipo angapo ophika choncho. Madzi ankachoka tsiku ndi tsiku. Anamwino ankawakweza pasikelo m'mawa uliwonse ndipo ankapepukirapepukira. Khungu la m'miyendo linachita makwinya ngati la nkhalamba.

Masana ena, atadya bwino kwa nthawi yoyamba, ndinawatulutsa panja kuti awothere dzuwa. Tinakhala pakhonde la wodi. Funso lija ndinali nditalisunga miyezi yonseyi, ndipo ndinali nditalumbira kuti sindidzafunsa munthu wodwala. Koma linatuluka lokha.

"Tsiku lija pansi pa mango, munakhaliranji chete?"

Ndinkayembekeza kuti anena kuti ankaopa achemwali awo amene anawalera, kapena kuti mkamwini salankhula ankhoswe atagamula. Zimenezo ndikanazimvetsa, ndipo ndinali nditawakhululukira kale m'mtima mwanga pa zifukwa zimenezo.

Anati, "Ndinkaganiza kuti mwina n'zoona."

Ndinati, "Adokotala munawamva nokha."

"Ndinawamva. Koma ndimati mwina zonse ziwiri n'zoona. Mumapita masiku, mumabwera mutatopa, simunena zambiri. Nditayamba kuchira inu mutasiya kuthira mchere, ndimati kodi ndikuchira chifukwa cha zimene ananena adokotala, kapena chifukwa dzanja lanu lachoka m'ndiwo zanga. Ndimadya, koma ndimaganiza."

"Kuyambira liti?"

"Achemwali asanabwere n'komwe."

Ndinayang'ana anthu amene ankadutsa ndi mabeseni ndi mafulasiki. Ndinakumbukira mwezi uja ndikudula tomato wambiri kuti ndiwo zawo zikome, iwo akuseka kuti ndikuwadyetsa udzu, pamene mumtima akundiyeza.

Ndinafunsa kuti nanga anasiya liti kuganiza choncho.

Anati, "Kwathu kuja ankandiphikira achemwali, munthu wamasiye, wosala, wosaphonya mapemphero a swala. Dzanja loyera kuposa limenelo kulibe. Ankathira mchere, ine n'kumatupa. Mankhwala a ndaka ndinamwa onse, n'kumatupabe. Inu muli kutali, simukundiphikira. Tsiku lina ndinaona kuti ndikufa, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti munalibe mlandu." Anapuma pang'ono. "Mundikhululukire, mayi a ana."

Ndinawathandiza kudzuka, poti nthawi ya mankhwala inali itakwana.

Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo. Ankasoka mphasa atakhala pakhonde, miyendo pamtondo, ndipo mwezi ndi mwezi ndinkapita nawo kukatenga mapiritsi. Anatuma uthenga kwa amjomba awo kuti ukwati ulipo ndipo mkazi wawo alibe chifukwa. Kwawo anayankha kuti ndinawadyetsa mankhwala owapusitsa. Atamwalira, azilamu anga anabwera kumaliro, analira kwambiri, ndipo analira moona, chifukwa ankamukonda mlongo wawo. Koma chakudya chimene ndinagwirako ine sanadye.

Azilamu angawo ndinasiya kalekale kuwasungira mkwiyo. Ankachita zimene anaphunzitsidwa, pofuna kupulumutsa munthu wawo. Amuna anganso ndinawakhululukira, ndinawauza ndi pakamwa panga asanamwalire, ndipo ndinawasamala mpaka tsiku lomaliza osathira mchere ngakhale kamodzi. Koma sindinama kuti chilonda chinapola. Ndinakhala nawo m'nyumba imodzi zaka zonse zija, ndinawaberekera ana, ndinataya dzina langa pamaso pa anthu kuti iwo apume bwino. Zonsezo sizinakwanire kuti andikhulupirire. Anachita kutupa mpaka m'ntchafu m'manja mwa munthu wina.